Sanadumphitse pilitsi, nanga mimba yachokera kuti?

Pa pulogalamu ya zaumoyo imene timathandizira pa wailesi ya kuno kuchigwa, pali funso limene silitha. Limabwera pa meseji yopanda dzina, kawirikawiri usiku. Mayi amati anali kumwa mapilitsi olera tsiku ndi tsiku, osadumphitsa ngakhale limodzi, koma watenga mimba. Amuna ake akuti akunama, apongozi akuti ndi ulesi, ndipo anzake a pamjigo agamula kale kuti mapilitsi a masiku ano ndi achabechabe. Tikafunsitsa, nthawi zina timamva kuti pa miyezi yomweyo anali kumwa mankhwala a TB, kapena kuti amamwa a khunyu kuyambira ali mtsikana. Zikatero ife timaona kuti mayiyo sananame ndipo mapilitsiwo sanali oipa. Panangosowa munthu womuuza kuti mankhwala awiriwa sayendera limodzi.

Chotidandaulitsa n'chakuti kuyambira ku Mfuwe mpaka ku Chipata, ngakhale ku Lusaka kumene ambiri a inu mukuwerengera nkhani ino, anthu akuopa mankhwala olakwika. Atsikana amachenjezana za makapisozi a amokisilini, amene salowerera m'ntchito ya mapilitsi, pomwe dzina la rifampisini salidziwa n'komwe. Kuti izi zimveke tiyenera kuyamba ndi zimene kapilitsi kaja kamachita m'thupi.

Dzira la mkazi silituluka lokha, limadikira lamulo lochokera kumutu. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kamene kamatulutsa mahomoni awiri, FSH ndi LH. FSH imadzutsa timatumba ta mazira kuti tiyambe kukula kumayambiriro kwa mwezi wa mkazi. Pokula, timatumbato timapanga homoni yotchedwa esitirojeni, ndipo kamodzi kamakula kuposa tinzake. Esitirojeni ikachuluka kwa masiku angapo, ubongo umatulutsa LH yambiri nthawi imodzi, ndipo pakapita tsiku limodzi ndi theka kathumbako kamaphulika, dzira n'kutuluka. Pambuyo pake malo amene dzira lachokapo amapanga homoni ina, purojesiteroni, imene imauza ubongo kuti ntchito yachitika, usatumizenso lamulo lina.

Amene munagwirako ntchito m'maloji a ku Mfuwe mukudziwa thanki ya madzi imene ili ndi kampira koyandama mkati. Madzi akadzaza, kampirako kamakwera n'kuzimitsa pampu. Mapilitsi olera ali ngati chala chimene chanyamula kampirako m'mwamba: ubongo umaona ngati thanki ndi yodzaza, ndiye suyatsa pampu. Pilitsi lililonse la Microgynon, limene ambiri amalandira ku kiliniki, lili ndi mahomoni awiri opangidwa ku fakitale. Yoyamba ndi etinilo-esitiradiyo, m'bale wake wa esitirojeni, imene imatsitsa FSH kuti timatumba ta mazira tisakule. Yachiwiri ndi levonojesitirelo, m'bale wake wa purojesiteroni, imene imaletsa LH kukwera mwadzidzidzi, ndipo popanda kukwerako dzira silituluka. Levonojesitirelo imalimbitsanso chinyezi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu ya mwamuna ivutike kudutsa, komanso imachititsa kuti chikuta cha mkati mwa chiberekero chikhale chopyapyala. Ntchito yaikulu kwenikweni ndi yoletsa dzira ija, zinazi n'zothandizira.

Pa khadi pamakhala mapilitsi 28, koma a mahomoni ndi 21 okha. Asanu ndi awiri otsirizawo, ofiirira aja, alibe mahomoni, nthawi zambiri amangokhala ndi ayironi. Pa masiku asanu ndi awiriwo chala chija chachoka pa kampira. Magazi amene amabwera si kusamba kwenikweni, ndi chikuta chija chikungoyoyoka chifukwa mahomoni atsika. Ubongo nawo umayamba kudzuka, FSH imakwera, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri akazi ena amakhala ndi kathumba ka dzira kamene kakula ndithu. Khadi latsopano limafika pa nthawi yake kudzakagonetsanso, ndipo pamafunika mapilitsi asanu ndi awiri otsatizana kuti kagone bwinobwino. N'chifukwa chake kuchedwa kuyamba khadi latsopano n'koopsa kuposa kuiwala pilitsi limodzi pakati pa khadi.

Akazi 100 akamamwa mosaphonya kwa chaka chathunthu, otenga mimba sakwana ngakhale mmodzi. Mmene anthu timamwera m'moyo weniweni, ndi kuiwala kwathu ndi maulendo athu, amatenga mimba ndi pafupifupi asanu ndi awiri. Koma masamu onsewa amaganizira kuti mankhwala amene mwameza afika m'magazi pa mlingo wake, ndipo apa ndi pamene chiwindi chimalowa m'nkhani.

Chilichonse chimene tameza chimachoka m'matumbo n'kudzera m'chiwindi chisanafike m'thupi lonse. M'chiwindi ndi m'khoma la matumbo muli maenzaimu, tinthu timene timaphwanya mankhwala kuti thupi liwataye, ndipo yodziwika kwambiri pa nkhani ino imatchedwa CYP3A4. Taganizirani chigayo chimene chili pachipata cha mudzi, pamene thumba lililonse lolowa limagayidwako kaye. Ngakhale kwa mkazi amene sakumwa mankhwala ena alionse, etinilo-esitiradiyo imene imapulumuka pachipatapo ndi pafupifupi theka chabe kapena kucheperapo. Opanga mapilitsi anawerengera kale zimenezo. Kumbukiraninso kuti mlingo wake ndi wochepa dala. Pilitsi loyamba limene linaloledwa ku America m'chaka cha 1960 linali ndi mamaikulogalamu 150 a esitirojeni, ndipo linali kuchititsa magazi kuundana m'mitsempha mwa akazi ena. La masiku ano lili ndi 30. Ndi labwino kwambiri ku thanzi, koma lilibe zambiri zotsala zoti n'kutaya.

Rifampisini salimbana ndi pilitsi m'mimba monga mmene ena amaganizira, ndipo kumwa mmodzi m'mawa wina usiku sikuthandiza chilichonse. Chimene amachita n'kulamula chiwindi kuti chimange zigayo zambiri. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri maenzaimu aja amakhala atachuluka kwambiri, ndipo etinilo-esitiradiyo ya m'magazi imatsika ndi kuposa theka, levonojesitirelo nayonso imatsika. Madokotala a ku Jeremani anaziona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene akazi odwala TB amene anali pa mapilitsi anayamba kutaya magazi pakati pa mwezi, ena n'kutenga mimba. Ndi nkhani ya zaka zoposa 50, yolembedwa m'mabuku a anasi, koma kufika kwake kwa mayi wa kwa Mnkhanya kapena kwa Nsefu kukadali kwa mwayi.

Tiyeni tiyerekeze ndi mayi wa zaka 26 amene amachapa zovala pa loji ina kufupi ndi chipata cha paki ya South Luangwa. Ali ndi mwana wa zaka ziwiri ndipo wakhala pa mapilitsi chaka ndi theka popanda vuto. Wakhosomola kwa milungu ingapo, wapereka makhololo, ndipo pa 3 Marichi wayamba mankhwala a TB. Miyezi iwiri yoyamba amamwa mankhwala anayi osakaniza m'pilitsi limodzi, miyezi inayi yotsatira amamwa awiri, ndipo rifampisini alimo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Iye dzinalo sanalimvepo. Chimene akudziwa n'chakuti mkodzo wake wasanduka wofiira, ndipo anamuuza kuti asadabwe nazo. Mtundu umenewo ndi wa rifampisini.

Masiku oyambirira palibe chimene chasintha. Pofika pakati pa Marichi chiwindi chake chikugaya mahomoni a pilitsi mofulumira, moti ngakhale akumwa nthawi yomweyo usiku uliwonse, m'magazi mwake muli ngati wamwa kachidutswa chabe. Ndiye afika pa mapilitsi ofiirira aja. Kathumba ka dzira kakula monga kamachitira mwezi uliwonse, koma khadi latsopano likayamba, mphamvu yake siikwanira kukagonetsa. Mwezi wina zikhoza kudutsa bwino. Mwezi wina LH ikwera, dzira lituluka, ndipo chinyezi cha pakhomo la chiberekero nachonso sichinalimbe mokwanira. Mwina mu Epulo aona timadontho ta magazi pakati pa khadi, chinthu chimene sichinamuchitikirepo. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti mahomoni atsika. Koma tisanamizane: akazi ambiri saona dontho lililonse, ndipo chizindikiro chawo choyamba chimakhala chakuti afika pa mapilitsi ofiirira koma magazi sanabwere. Zikatero ndi bwino kupimitsa mimba osadikira mwezi wina.

Pali mbali ina imene imagwira ngakhale anthu amene anachenjezedwa. Mayi uja amaliza mankhwala a TB cha pa 3 Sepitembala, n'kuganiza kuti mawa lake mapilitsi ayambanso kugwira ntchito. Zigayo zija sizigwetsedwa tsiku limodzi. Chiwindi chimabwerera mwakale pang'onopang'ono, ndipo malangizo a akatswiri a zakulera amati munthu apitirize njira ina kwa masiku 28 atamaliza rifampisini. Kwa iye ndiye kuti mpaka pa 1 Okutobala. Kuwerengera zonse, ndi miyezi isanu ndi iwiri imene mapilitsi ake sangadaliridwe.

Zinayenera kutani pa 3 Marichi paja? Choyamba, mankhwala a TB sasiyidwa, zivute zitani. Chosintha ndi njira yolera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limaika njira zolera m'magulu anayi kwa munthu aliyense: gulu 1 ndi lopanda choletsa, gulu 4 ndi losaloledwa. Kwa mkazi amene ali pa rifampisini, mapilitsi ali m'gulu 3, kutanthauza kuti asagwiritsidwe ntchito pokhapokha ngati palibiretu njira ina. Nyeleti ya Depo ya miyezi itatu, pamodzi ndi Sayana Press imene mkazi amatha kudzilasa yekha, zili m'gulu 1, chifukwa mlingo wake ndi waukulu ndipo sudzera m'matumbo. Lupu nayo ili m'gulu 1, chifukwa imagwira ntchito m'chiberekero momwemo, chiwindi sichiikhudza. Timachubu ta pamkono, monga Jadelle, tili m'gulu 2, koma timadalira homoni yochepa imene rifampisini amaigayanso, ndiye ovala timeneti afunika makondomu pa miyezi yonseyo. Kumwa mapilitsi awiri m'malo mwa limodzi si njira, rifampisini ndi wamphamvu kwambiri moti palibe amene angakutsimikizireni kuti awiriwo akwanira.

Kuno ku Mambwe nyeleti ili ndi ubwino wina. Mvula ikagwa, misewu ya kumidzi ngati ya kwa Malama imaduka, ndipo ulendo wa ku Kamoto kapena ku Msoro umasanduka nkhani ya tsiku lathunthu, osanena za ku Chipata kumene ndi makilomita opitirira 100 kuchokera ku Mfuwe. Lupu imafuna munthu wophunzitsidwa kuiika, ndipo si kiliniki iliyonse ili naye. Nyeleti imapezeka pafupi.

Chimene chimatipweteka mtima n'chakuti zipatala zathu zimadziwa bwino khalidwe la rifampisini. Munthu amene ali pa ma ARV a TLD akayamba mankhwala a TB, amamuwonjezera pilitsi lina la dolutegiravi loti azimwa patapita maola 12, chifukwa rifampisini amagayanso dolutegiravi. Lamulo limenelo limatsatidwa, chifukwa linalembedwa ndipo ma ARV ali pa fayilo. Mapilitsi olera sali pa fayilo ya TB. Amatengedwa pa khomo lina, tsiku lina, m'kaundula wina, kapena amagulidwa pa shopu ya mankhwala pamsika. Ndipo akazi ambiri sawawerengera ngati mankhwala. Mukafunsa mayi ngati akumwa mankhwala ena alionse, adzati ayi, ndipo sakunama, kwa iye mankhwala ndi a munthu wodwala. Ena amamwa mobisa amuna awo asakudziwa, ndiye sangatchule pamzere pamene aneba akumva. Sitikuloza chala anasi, amene mmodzi amaona anthu ochuluka dzuwa lisanafike pamutu. Tikunena kuti funsolo lifunsidwe ndi mawu ake enieni, lakuti kodi mukulera ndi njira yanji, ndipo likhale ndi mzere wake pa khadi la TB.

Rifampisini ali ndi m'bale wake, rifapentini, amene ali m'mankhwala oteteza TB otchedwa 3HP, omwedwa kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Amene amawalandira sakudwala, ndi anthu okhala ndi HIV kapena okhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, ndiye n'kosavuta kuiwala kuti nawonso amadzutsa chiwindi. Kumwa kamodzi pa sabata sikutanthauza kuti vuto ndi la tsiku limodzi. Ayisoniyazidi womwedwa payekha alibe vuto limeneli.

Gulu lachiwiri ndi mankhwala a khunyu, ndipo apa nkhani si ya miyezi isanu ndi iwiri, ndi ya zaka. Fenobabitoni, kabamazepini ndi fenitoyini, amene ndi mankhwala opezeka kwambiri m'makiliniki a kumidzi, onse amachulukitsa maenzaimu aja, ndipo WHO imaika mapilitsi m'gulu 3 kwa owamwa. Kabamazepini amapatsidwanso kwa odwala matenda ena a maganizo ndi ululu wa m'mitsempha, choncho si a khunyu okha ayenera kumva. Pamenepa mimba yosakonzekera ndi yolemera kawiri, chifukwa ena mwa mankhwalawa amatha kuvulaza mwana m'miyezi yoyambirira, pamene mayi asanadziwe kuti ali ndi pakati. Valiporoweti sachepetsa mphamvu ya mapilitsi, koma ndiye woopsa kwambiri kwa mwana wosabadwa, choncho womumwa afunika njira yodalirika kwambiri. Lamotirijini zake n'zotembenuka: mapilitsi olera ndi amene amamutsitsa m'magazi, pafupifupi ndi theka, ndipo munthu amene anasiya kugwa akhoza kuyambanso. Palibe amene ayenera kusiya mankhwala a khunyu payekha chifukwa cha nkhani ino. Kuno timaphika pamoto ndipo timatunga madzi kumtsinje kumene kuli ng'ona, kugwa kamodzi kokha kukhoza kutenga moyo.

Za ma ARV tinene mwachidule, chifukwa zinthu zinasintha. Efavirenzi, amene anali mu TLE, amatsitsa kwambiri homoni ya mtundu wa purojesiteroni. Pa kafukufuku wa ku Uganda amene anafalitsidwa mu 2016, akazi atatu mwa 20 amene anali pa efavirenzi atavala timachubu ta pamkono anatenga mimba chaka chisanathe. Kuyambira mu 2018 Zambia inayamba kusamutsira anthu ku TLD, ndipo dolutegiravi sasokoneza mapilitsi olera. Amene muli pa TLD mtima ukhale m'malo. Ochepa amene akadali pa efavirenzi kapena pa mankhwala a mzere wachiwiri afunse ku kiliniki yawo.

Nanga amokisilini uja? Kale madokotala nawonso anali kuchenjeza. Maganizo anali akuti mankhwala opha tizilombo amapha mabakiteriya a m'matumbo amene amathandiza kubwezera esitirojeni ina m'magazi. Atayeza magazi a akazi omwa mankhwalawa, anapeza kuti mahomoni satsika mwa njira yodetsa nkhawa. Amokisilini, dokisisaikilini, Fulajilo, Sepitirini, onsewa WHO imawaika m'gulu 1. Kuopa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Tamvapo za atsikana osiya makapisozi pakati kuti ateteze mapilitsi, ndi ena osiya mapilitsi sabata yonse poganiza kuti sakugwira ntchito, ndipo kusiyako ndi kumene kumabweretsa mimba.

Malungo ndi mlendo wa chaka chilichonse kuno kuchigwa, ndiye funso la Kowatemu limabweranso kwambiri. WHO siletsa mapilitsi kwa omwa mankhwala a malungo, ngakhale kapepala ka m'bokosi ka opanga kamalangiza kusamala, ndipo kugwiritsa ntchito kondomu mwezi umenewo sikulakwa. Chimene chimawononga zinthu pa malungo kwenikweni ndi kusanza. Pilitsi likatuluka ndi masanzi pasanathe maola awiri, liwerengeni ngati simunamwe, ndipo mumwe lina mukangopeza bwino. Kusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri kukapitirira masiku awiri, chitani monga munthu amene wadumphitsa mapilitsi atatu: pitirizani kumwa, koma gwiritsani ntchito makondomu mpaka mutamwa mapilitsi a mahomoni asanu ndi awiri otsatizana muli bwino. Izi zikukhudzanso mankhwala azitsamba otsuka m'mimba amene amagulitsidwa m'mabotolo m'misika ya m'tauni.

Mwina wina akuwerenga ali pa mwezi wachitatu wa mankhwala a TB, ndipo wazindikira tsopano kuti usiku wa dzana analibe chitetezo chimene anali kuchidalira. Pilitsi la pangozi, lija achinyamata amathamangira m'mawa mwake, ndi levonojesitirelo yemweyo wa mamiligalamu 1.5, ndipo chiwindi chodzutsidwa ndi rifampisini, kabamazepini kapena efavirenzi chimaligayanso. Njira yodalirika kwambiri pamenepo ndi lupu ya kopa yoikidwa pasanathe masiku asanu. Kumene lupu siingapezeke, malangizo a ku Britain kuyambira mu 2016 amati munthu wotere amwe mlingo wowirikiza kawiri, mamiligalamu 3, nthawi imodzi. Wogulitsa pa shopu sangadziwe zimenezi ngati simunamuuze, choncho nyamulani khadi la TB kapena paketi ya mankhwala a khunyu, mumuonetse musanalipire.